Kabatani ka Buluu

Dzuwa la mwezi womaliza mvula isanagwe silimva kupepesa. Malata a shedi ankalira okha masana, ndipo madzi a m'thanki ankatuluka ofunda ngati wina wawaphitsa. Nyengo yotere imafuna changu. Kutali, ulendo wa masiku awiri pa lole, makina anali kuboola pansi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa kawiri kokha msewu wa kumeneko usanduka phala. Makinawo anayenera kutuluka isanagwe. Choncho mabokosi a miyala ankafika Lolemba ndi Lachinayi, ndipo munthu wotsuka miyalayo anali mmodzi yekha.

Dzina lawo lenileni linali m'mafaelo a ku ofesi, koma pa shedi onse ankawatcha a Buluu. Zala zawo zinali zabuluu mpaka m'mfundo yachiwiri, ndipo sopo anali atagonja kalekale. Anafika pa malopo ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ntchito yawo ili yonyamula mabokosi. Mkulu wina wa miyala, amene tsopano anamwalira, anaona kuti munthuyu sasokoneza manambala a mabokosi, ndipo anamuika pa sinki. Pa sinkipo anakhalapo zaka makumi atatu ndi zitatu.

Miyala yochokera m'dzenje imabwera yozungulira, yaitali ngati munsi, itagonekedwa m'bokosi monga momwe inatulukira pansi, kuya kwake kutalembedwa m'mbali. A Buluu ankadula kachidutswa, kukaphwanya, kukaviika m'madzi a soda usiku wonse, kukaphika mpaka kafewe ngati dothi, kenako kukatsukira pa sefa ya mawaya osaoneka ndi maso. Matope ankapita ndi madzi. Chotsala pa sefa chinali kamchenga kosadzaza supuni. Akakaumika mu uvuni ndi kukamwaza pa thireyi yakuda pansi pa maikulosikopu, kamchengako kankasanduka tizigoba: ta zamoyo za m'nyanja yomwe inauma kusanabadwe munthu aliyense.

"Mkazi wanga akandifunsa kuti a Buluu amagwira ntchito yanji, ndimati amasambitsa miyala," ankatero dalaivala wa lole uku akutsitsa mabokosi. "Amati, akaisambitsa amaidzoza mafuta?"

"Umuuze kuti ndimaifunsa zaka zake."

"Imayankha?"

"Kuposa iwe. Iwe pa chiphaso unachepetsa zisanu."

Sikuti kachigoba kalikonse kamayankha. Tina tinakhala m'nyanja nthawi yaitali osasintha maonekedwe, ndipo timapezeka pamwamba, pakati ndi pansi pomwe. A Buluu ankatitcha apaliponse, ndipo ankati kutifunsa zaka kuli ngati kufunsa mwezi kwa khwangwala, amene amakhalapo chilimwe ndi dzinja. Koma pali tina timene tinabwera mwadzidzidzi, tinachuluka, tinayandama nyanja yonse, kenako tinatheratu osabweranso. Totere tili ngati chaka cha dzombe: anthu a midzi yotalikirana, amene sanaonanepo, akati ndinabadwa chaka cha dzombe, wadziwa kuti ndi amsinkhu umodzi. Mwala wa kuno ukhoza kukhala woyera, wa kutali wakuda, poti matope ogwera pansi pa nyanja sanali amodzi ponseponse. Koma ngati yonse iwiri ili ndi kachigoba kotere, inagona pansi nthawi imodzi. A Buluu ankatitcha mboni.

Mboni imene ankaifuna chaka chimenecho inali yophwatalala, yopota, yokhala ndi kampendero kakuthwa m'mphepete. Dzina lake la m'mabuku linali lalitali, ndipo pa shedi ankangoti kabatani. Ku mgodi wakale, kumene amakumba mwala wopangira feteleza, kabatani kamapezeka mu mzere umodzi wokha woonda, ndipo mamita khumi ndi asanu pansi pa mzerewo ndi pamene pali mwala wa fetelezawo. Kampani ina inkafuna kudziwa ngati mwala womwewo ukufika kutali kuja. Dzenje analikonza kuti lifike mamita mazana anayi. Kupeza kabatani sikunali lonjezo lakuti feteleza alipo, koma kunali kudziwa kuti wafika pa khomo lake.

Zala zabuluu zinachokera ku lamulo limodzi la pa sinki. Sefa, ngakhale uitsuke ndi burashi mpaka mkono uwawe, imatha kubisa kachigoba kamodzi pakati pa mawaya, ndipo kamatha kugwera m'mwala wotsatira ngati kuti ndi ka mmenemo. Choncho ukamaliza mwala umodzi, umatsuka sefa, kuiviika m'beseni la utoto wabuluu, ndi kuitsukuluza. Kachigoba kalikonse kobisala kamamwa utoto. Ukakaona pa thireyi kali kabuluu, wadziwa kuti ndi kamlendo, ndipo umakataya. A Buluu sanadumphepo lamuloli ngakhale tsiku limodzi. Sefa yawo inali yokalamba, itayamba kulekana ndi mkombero wake mbali imodzi, ndipo anali atapempha yatsopano katatu.

Nyumba yawo inali ya ntchito, zipinda ziwiri kuseri kwa shedi. Akazi awo anafa ziwalo za mbali imodzi zaka zinayi zapitazo. A Buluu anamanga chingwe kuchokera pa bedi mpaka pa khomo, ndi china kuchokera pa khomo mpaka ku chimbudzi, ndipo mayiwo ankayenda atagwira chingwecho ndi dzanja lamoyo. Miyala ikakhala mu uvuni, a Buluu ankadutsa pa mpanda kukawatembenuza, kuwapatsa madzi, ndi kubwerera uvuni isanalire. Zaka ziwiri zinali zitatsala kuti apume pa ntchito, ndipo nyumbayo inali yawo mpaka tsiku limenelo.

"Ndinakwatiwa ndi munthu," ankatero mayiwo, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa, "koma ndikukalamba ndi botolo la inki."

M'nyumba imeneyo ndi mmene munakulira mwana wa mlongo wawo, mlongoyo atamwalira. Ankagona pa mphasa pakati pa tebulo ndi khomo. Tizigoba anationa koyamba atakhala pa miyendo ya amalume ake, diso limodzi atatseka ndi dzanja. Anaphunzira mpaka kunja, nabwerera ali Dokotala wa miyala, woyang'anira dzenje lakutali lija. Kunyumba a Buluu ankamutcha iwe. Ku shedi ankati inu, Dokotala, ndipo iye ankati a Buluu, monga onse.

Sabata imeneyo Dokotala anabweretsa miyala ya ku mgodi wakale, yodzaza ndi timabatani, kuti akhale ndi tofanizira. A Buluu anaitsuka Lachitatu, naviika sefa. Lachinayi anatsuka mwala wa ku dzenje, wa pa mamita 212. Masiku onse iwo ndi amene ankasankha tizigoba ndi kaburashi konyowa ka ubweya wochepa, koma tsikulo akazi awo anagwa pa chingwe cha ku chimbudzi, ndipo anawasiyira Dokotala thireyi.

Atabwerera mmawa wake anapeza shedi yonse ikuseka. Kabatani kapezeka. Dokotala anali atakajambula kale pa makina a m'chipinda chozizira, amene zithunzi zake zimatuluka zakuda ndi zoyera basi, ndipo lipoti linali litapita kwa Abwana, mkulu wa nthambi, ndi ku kampani.

"A Buluu, lembani kakhadi, mukasunge m'dirowa," anatero Dokotala, akuwapatsa kakhadi ka galasi komatapo chigobacho.

Analemba dzenje, kuya, tsiku, ndi chizindikiro chawo pakona, monga pa makhadi onse a m'shedimo. Kenako, mwa chizolowezi chabe, anakaika pansi pa maikulosikopu. Kabatani kanali kamodzi. M'mizere ya pakati pa zipinda zake munali buluu, wochepa ngati mtsempha wa pa dzanja la khanda.

Anabwerera ku thireyi, nayang'ana kamchenga konse mzere ndi mzere. Kabatani kachiwiri panalibe. Panali tina tosongoka timene ankatitcha tinyanga, ndipo ku mgodi wakale tinyanga timayamba pamwamba ndithu, kabatani katatha kale. Dzenjelo linali lisanafike pa mzere wa kabatani.

Anadikira kuti anthu apite ku nkhomaliro, natseka chitseko cha ofesi.

"Dokotala, taonaninso aka."

Dokotala anayang'ana nthawi yaitali. Atadzutsa mutu sanawayang'ane m'maso.

"Ndi kuwala kwa nyale."

"Nyale yathu ndi yachikasu."

"Ndiye kamwa utoto kuchokera ku zala zanu."

"Sindinakakhudze. Iwe, aka ndi ka ku mgodi. Kakwera sefa ngati nkhupakupa. Ndipo uli ndi tinyanga pa thireyi yomweyo. Mwana ndi agogo ake amene anafa iye asanabadwe sadyera mbale imodzi."

"Amalume, lipoti lapita."

"Lipoti lili ndi miyendo? Uliitane libwere."

"Ndi dzenje langa loyamba. A kampani aja andiimbira foni okha. Mukufuna ndiwauze kuti Dokotala sadziwa buluu?" Anatsitsa mawu. "Tingoboolabe. Tikapeza feteleza, ndani adzafunse za kachigoba kamodzi? Ndisungireni izi. Munandisunga zaka zonsezi, sabata ziwiri zikukanikani?"

Ofesi ya Abwana inali pa khomo lachitatu la khonde lomwelo. A Buluu anadutsapo masana amenewo atanyamula ndowa, nadutsaponso pobwerera. Kakhadi anakaika m'dirowa.

Makina anaboola mamita khumi ndi asanu, feteleza osaoneka. Anaboola makumi asanu. Mabokosi ankabwera ambiri kuposa momwe munthu mmodzi angatsukire, ndipo poti mboni inali itapezeka kale, Dokotala anati asataye nthawi ndi atsopanowo. Anaunjikidwa pakona. Pa mamita mazana atatu, a kampani anati zamveka: nthawi ya kabatani taidutsa kalekale, feteleza kuno sanagone. Mitambo inali itayamba kuunjikana madzulo. Makina anawatulutsa kutatsala mamita zana kuti dzenje likwane, ndipo patatha masiku anayi mvula inagwa, yamphamvu, nitseka msewu mpaka chaka chamawa.

Kampani inali ndi katswiri wake, mayi wosalankhulalankhula, amene asanatseke faelo anapempha kuona chigoba chenichenicho osati chithunzi. Anachiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri.

A Buluu anaitanidwa ku ofesi ya Abwana ali ndi epuloni yonyowa. Sanauzidwe kuti akhale. Mayi wa kampani uja anali pambali pa Abwana, Dokotala ali pa mpando wa pafupi ndi zenera, akuyang'ana mvula.

"Chizindikiro ichi ndi cha ndani?" anafunsa Abwana, atakweza kakhadi.

"Ndi changa, bwana."

"Sefa amatsuka ndani?"

"Ine."

"Nanga tizigoba amasankha ndani?"

"Masiku onse ndi ine."

"Dokotala akuti munawapatsa kakhadi kali komata kale, iwo anangojambula. Pa chithunzi buluu saoneka. Ndi choncho, Dokotala?"

"Ndi choncho," anatero Dokotala, osachotsa maso pa zenera.

"Ndiye ndikufunseni, a Buluu, ndipo muganize musanayankhe. Munamuona buluu ameneyu, kapena simunamuone? Ngati munamuona, munauza ndani?"

A Buluu anayang'ana kumbuyo kwa khosi la mphwawo. Panali kachipsera kamene kanabwera tsiku lomwe anagwa mu mtengo wa pa mpanda ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anadikira kuti khosilo litembenuke. Madzi a pa epuloni anadontha pa simenti.

"Sindinamuone, bwana."

Abwana anaseka pang'ono, natembenukira kwa mayi wa kampani. "Mwamva? Munthu dzina lake Buluu, buluu osamuona. Ali ngati wogulitsa mchere wofa ndi ndiwo zosakolera." Anaika kakhadi pa tebulo. "Maso atha, madala. Si mlandu kukalamba, koma mwatidyera chaka chathunthu. Mumalize mwezi uno. Kiyi wa nyumba mumpatse mlonda pa tsiku lomaliza, kukubwera wina wa dipuloma ndipo akufuna pogona."

"Bwana, mayi kunyumba sayenda."

"Lole ilipo. Ndimuuza dalaivala."

Analamulanso kuti makhadi onse a dzenjelo okhala ndi chizindikiro cha a Buluu alembedwe mzere wofiira, kusonyeza kuti ndi osadalirika. Cholembera chofiiracho anapatsa a Buluu omwe. Sabata yomweyo ku sitolo ya ofesi kunafika masefa atsopano awiri, nasungidwa m'pepala lawo kudikira wa dipuloma.

Akazi awo anamva nkhaniyi atagona chammbali, akuyang'ana khoma.

"Ndipo iye anati chiyani?"

"Anati ndi choncho."

"Ndinamuchapira mphasa yamikodzo zaka ziwiri," anatero mayiwo. "Ndikanamuviika mu buluu wanuyo. Bwenzi tikudziwa kuti ndi mlendo."

Panatsala masabata awiri ndi mabokosi a pakona aja. Palibe anawauza kuti awatsuke, palibenso anawaletsa. Mvula inkagwa mmawa ndi madzulo, ngumbi zikudzaza m'sinki, ndipo miyala inkachedwa kuuma. A Buluu ankatsuka umodziumodzi, kutsika nalo dzenje: 230, 250, 270. Tinyanga tinachepa, kenako tinasowa. Tsiku lachiwiri kuchokera kumapeto anatsuka za m'bokosi lomaliza, kachidutswa ka pa mamita 298, mwala wakuda wofewa wosafanana nkomwe ndi woyera wa ku mgodi.

Pa thireyi timabatani tinali mbwee, toyera ngati mano a mwana. Anawerenga mpaka makumi anayi, nasiya. Mamita awiri pansi pake ndi pamene makina analekezera.

Anasankha khumi ndi tiwiri tosasweka, natimata pa kakhadi m'mizere iwiri, nalemba dzenje, kuya, tsiku ndi chizindikiro chawo. Anadutsa pa mpanda kukatembenuza akazi awo. Atabwerera anagogoda pa ofesi ya Dokotala.

Dokotala anayang'ana, nasintha galasi, nayang'ananso. Anatenga foni, naibwezanso pa tebulo.

"Ndi tenitenidi," anatero. "Feteleza akhoza kukhala pansi pomwepo. A kampani abwerera chaka chamawa. Amalume, mwandipulumutsa."

"Ndiye tiye kwa Abwana. Uwauze kuti maso alipo."

Dokotala anakanda pa chibwano. "Taganizani. Kakhadi aka kakafika kwa mayi uja kali ndi chizindikiro chanu, akaponya m'bini asanakayang'ane. Sefa yanu ili ndi mzere wofiira. Mwala watsalako?"

"Theka lilipo m'bokosi."

"Wa dipuloma akuyamba Lolemba. Atsuka theka limenelo pa sefa yatsopano, ndipo atipeza. Aka kakhale kanga, kongondiuza poyang'ana." Anatsegula dirowa, natulutsa kalezala, nakankhira pamodzi ndi kakhadi. "Mufufute pakonapo. Dzanja lanu ndi losamala, ine ndingaswe galasi."

"Nanga nyumba?"

"Za nyumba si za nthambi yanga, a Buluu."

A Buluu anatenga kalezalako. Kenako anawerama, napala chizindikirocho pang'onopang'ono mpaka pepala linayera, nauzira tizinyenyeswa pansi.

Tsiku lomaliza kunacha kuli mitambo yotsika, ndipo dalaivala anati anyamuke isanayambe, poti tenti ya lole inali yobooka. Bedi linakwera, tebulo linakwera, mphasa yakale ija inakwera itakulungidwa. A Buluu anamasula zingwe ziwiri zija, nazipinda, naziika pa miyendo ya akazi awo, amene anakhala kutsogolo atatsamira chitseko. Dalaivala sanachite nthabwala iliyonse mmawa umenewo. Kiyi anapita kwa mlonda.

"Tadikira pang'ono," anatero a Buluu.

Analowa m'shedi. Sefa yakale inali m'sinki momwe anaisiyira dzulo lake, mawaya ali ndi matope akuda a bokosi lomaliza. Anatsegula mpopi, naitsuka ndi burashi mkati ndi kunja, nabwereza pa mkombero pomwe inalekana. Anaimiza m'beseni la utoto mpaka m'mfundo yachiwiri ya zala, nawerenga chamumtima mpaka makumi atatu. Anaitulutsa, naitsukuluza mpaka madzi anayera, naipachika pa msomali wake.